Mawu Achinayi a pa Mtanda: Ulaliki wa Lachisanu Loyera

Okondedwa mwa Ambuye, tafika pa mawu achinayi mwa mawu asanu ndi awiri amene Ambuye Yesu analankhula ali pa mtanda, ndipo tiwapeza pa Marko 15:34 ndi pa Mateyu 27:46. Mdima unali utagwa pa dziko lonse kuyambira ora lachisanu ndi chimodzi, ndiye kuti dzuwa lili paliwombo, kufikira ora lachisanu ndi chinayi, lomwe kwa ife ndi 3 koloko masana. Pa ora limenelo Yesu anafuula ndi mawu aakulu nati, "Eloi, Eloi, lama sabakitani?" kutanthauza kuti, "Mulungu wanga, Mulungu wanga, mwandisiyiranji Ine?"

Ambiri a ife mawu amenewa timawadutsa mofulumira chifukwa amatichititsa mantha, popeza sitidziwa kuti tinene chiyani pamene Mwana wa Mulungu akudandaula kuti Mulungu wamutaya. Choyamba chimene tiyenera kudziwa n'chakuti Yesu sanawapeke mawuwa pa nthawi ya ululuyo ayi. Ndiwo mzere woyamba wa Salmo 22, limene mutu wake umalitchula kuti salmo la Davide, ndipo Ayuda anali akuliimba kwa zaka mazana ambiri Yesu asanabadwe. Salmolo linalembedwa m'Chiheberi, koma Marko wasunga mawu a Yesu m'Chiaramu, chinenero chimene anthu a ku Galileya ankalankhula pakhomo ndi kumsika. Pa ora lowawitsa la moyo wake, Ambuye anapemphera salmo m'chinenero chimene anayamwira.

N'chifukwa chiyani anatenga mawu a salmo? Inu amayi a Chigwirizano mukudziwa zimene zimachitika pa maliro usiku, pamene anthu atopa ndi kulira ndipo m'nyumba ya siwa mwangoti zii. Mayi mmodzi amayambitsa mzere woyamba wa nyimbo, osatchula nambala yake, ndipo asanaumalize nyumba yonse yalandira kale, chifukwa nyimboyo ili m'mitima mwa onse. Wofedwayo sangathe kupeza mawu akeake, choncho amatsamira pa mawu amene mpingo unamuphunzitsa akadali pa mtendere. Ayuda ankakula ndi masalmo motero, ndipo kutchula mawu oyamba kunali kokwanira kukumbutsa womvera salmo lonse. Nalonso pemphero lotsiriza la Yesu limene Luka analemba, lopereka mzimu wake m'manja mwa Atate, linachokera pa Salmo 31:5. Komabe ena oimirira pa Gologota sanamve bwino mawu aja akuti "Eloi," anayesa kuti akuitana Eliya, ndipo wina anathamanga kukaviika chinkhupule mu vinyo wosasa.

Tsegulani tsono Salmo 22, muone mmene likuyendera. Wolirayo akuti amafuula usana koma Mulungu sayankha, ndipo usiku sapeza mpumulo. Kenaka akudzikumbutsa kuti makolo ake anakhulupirira Mulungu napulumutsidwa, koma chikumbutso chimenecho chikungowonjezera chilonda, pakuti pa vesi 6 akudzitcha nyongolotsi, osati munthu. Pa vesi 7 ndi 8 omuona akumuseka, akupukusa mitu, akunena kuti popeza anadalira Yehova, amulanditse Iyeyo. Werengani Mateyu 27:39 ndi 43, mupeza odutsa m'njira akupukusa mitu ndipo ansembe aakulu akulankhula pafupifupi mawu omwewo, osazindikira kuti adziika okha m'salmo ku mbali ya adani. Wolirayo akupitiriza kunena kuti ng'ombe zamphamvu za ku Basana zamuzinga, mafupa ake aguluka, mtima wake wasungunuka ngati sera, lilime lake lakangamira kunsagwada. Pa vesi 18 akuona anthu akugawana zovala zake ndi kuchita maere pa malaya ake, ndipo Yohane 19:23-24 akutionetsa asilikali anayi atagawa zovalazo panayi, koma malaya opanda msoko akuwachitira maere kuti asawang'ambe.

Pali vesi limodzi limene ndimaliwerenga ndikuganiza za Mariya. Pa vesi 9 ndi 10 wolirayo akukumbutsa Mulungu kuti ndiye anamutulutsa m'mimba ndi kumusunga pa bere la amake. Mayi amene anayamwitsa Yesu anali chiimire pafupi ndi mtanda tsiku limenelo.

Apa ndipemphe kuti tisamale, chifukwa alaliki ena, pofuna kutonthoza anthu, amathamangira kumapeto kwa salmo nanena kuti Yesu ankangoimba nyimbo ya chigonjetso ndipo sanamve kusiyidwa kulikonse. Ine sindigwirizana nawo. Akadafuna mawu a chigonjetso, masalmo otero alipo ambiri, koma Iye anasankha vesi loyamba la salmo ili, nalifuula ndi mawu aakulu. Ophunzira ake anali atathawa, Petro anali atamukana katatu, ndipo kumwamba sikunamveke mawu monga anamvekera pa ubatizo wake mu Yordano. Paulo akunena pa Agalatiya 3:13 kuti Khristu anakhala temberero m'malo mwathu, ndipo kulemera kwa temberero limenelo ndiko tikukumva m'kufuulaku. Koma onaninso kuti wofuulayo akunena kawiri kuti "Mulungu wanga." Munthu amene wataya chikhulupiriro amatembenuka n'kuchoka, pamene uyu akubweretsa mlandu wake kwa Mulungu yemweyo amene akuoneka kuti wamusiya.

Salmo likutembenuka kumapeto kwa vesi 21. Wolirayo ali pakati popempha kuti apulumutsidwe m'kamwa mwa mkango ndi ku nyanga za njati, ndipo mwadzidzidzi akunena kuti Mulungu wamuyankha. Sakutiuza mmene yankholo linafikira, koma kuyambira pamenepo palibenso dandaulo. Pa vesi 22 akulonjeza kulalikira dzina la Mulungu kwa abale ake pakati pa msonkhano, ndipo Ahebri 2:12 akuika mawu amenewa m'kamwa mwa Yesu. Kumbukirani kuti m'mawa wa kuuka kwake anatuma amayi aja kuti akauze "abale anga," kunena anthu omwewo amene anamuthawa. Vesi 24 ndilo likuyankha funso la vesi 1, pakuti likuti Mulungu sanapeputse kapena kunyansidwa ndi kuzunzika kwa wozunzikayo, sanamubisire nkhope yake, koma anamva pamene anamufuulira. Yankho limenelo silinamutsitse Yesu pa mtanda monga onyoza aja ankafunira, koma linadza atalowa kale m'manda, pa tsiku lachitatu.

Kuchokera pamenepo salmo likungokulirakulira ngati mtsinje wa m'dzinja. Ozunzika adzadya nakhuta, malekezero onse a dziko adzakumbukira ndi kutembenukira kwa Yehova, mafuko onse a anthu adzamugwadira, ndipo ngakhale otsikira kufumbi adzawerama pamaso pake. Munthu woyamba kuvomereza Yesu atangotsirizika, malinga ndi Marko 15:39, anali kenturiyo wa Aroma, munthu wa mtundu wina, amene anati zoonadi munthu uyu anali Mwana wa Mulungu. Vesi 31 likumaliza ndi anthu amene sanabadwe, amene adzauzidwa kuti Yehova wachichita, ndipo anthu amenewo ndi ife amene takhala pa mabenchi ano, kutali ndi Yerusalemu, tikumva nkhaniyi m'Chichewa. Akhristu ambiri amamva mawu otsirizawo akugwirizana ndi "Kwatha" wa pa Yohane 19:30, amene abusa atitsogolere pa iwo tikafika pa mawu achisanu ndi chimodzi.

Tisanapite ku mawu achisanu, ndikupempha kuti tonse tiimirire ndi Mabaibulo athu, ndipo amene alibe ayang'ane pa la mnzake. Abambo awerenge vesi 1 mpaka 21, amayi alandire kuyambira vesi 22 mpaka 31, ndipo tiwerenge mosathamanga.