Kunama kuti uteteze mnzako: tiwerengere zotsatira kapena tigwire udindo?

Tiyerekeze ndi usiku, mnzako wathawira mnyumba mwako akupumira mmwamba, kenako pageti pagogoda munthu chikwanje chili mmanja nkufunsa kuti "ali muno?" Funso limeneli si lachilendo ayi, anthu ophunzira akhala akukanganirana kwa zaka zoposa 200, ndipo amene analitchukitsa ndi Immanuel Kant, katswiri wa filosofi wachijeremani wa mumzinda wa Königsberg, mu 1797, poyankha Benjamin Constant amene ankalemba ku France. Constant ankati ngati kunena zoona kungakhale lamulo lopanda pothawira ndiye kuti anthu sangathe kukhalira limodzi, ndipo munthu amene akufuna choonadi kuti akapweteke nacho wina alibe ufulu wochimva. Kant anakana. Anati olo pageti pali chigawenga, ngati palibe njira yozembera kuyankha, usaname.

Anthu ambiri akangomva zimenezi amati mkuluyu analibe mtima. Ine sindigwirizana naye pa nkhani ya pagetiyo, koma ndikuona kuti timafulumira kumutaya tisanamve chimene ankaopa.

Maganizo a Kant, amene anawalongosola bwino mu 1785, ndi oti chinthu chimakhala chabwino kapena choipa malinga ndi mfundo imene ukuchitira, osati malinga ndi zimene zatulukapo. Usanachite kanthu uzidzifunsa kuti kodi ndingafune kuti mfundo yangayi ikhale lamulo la aliyense? Nde tayesani ndi bodza. Bodza limagwira ntchito pokhapokha ngati womverayo akukhulupirira kuti anthu amanena zoona, ndiye aliyense akamanama zikamuvuta palibe angakhulupirire mnzake, ndipo bodza lakolo silingagwirenso. Wonama amadya chikhulupiriro chimene anzake akulima iye osalima nawo. Mfundo yake ina ndi yoti munthu usamugwiritse ntchito ngati chida chabe, ndipo ukamunamiza ndiye kuti wamusankhira zoti aganize, wamulanda mpata woti aweruze yekha. Kant anawonjezeranso kuti mawa sitilidziwa. Ukhoza kunena kuti "watuluka" iwe ukuganiza kuti ali kuchipinda, pomwe mnzakoyo wadumphadi pawindo, chigawenga chija nkukakumana naye panjira chifukwa cha bodza lako. Pamenepo, akutero Kant, mlandu uli ndi iwe, pomwe ukananena zoona mlandu wakupha ukanakhala wa wakuphayo basi.

Apa mpamene ine ndimasiyana naye. Zikumveka ngati chofunika kwambiri nchoti manja anga akhale oyera, kaya mnzanga afe. Komanso zoti mawa sitilidziwa zimadula mbali zonse, chifukwa chimene chingachitike ndikaloza kuchipinda nchodziwikiratu kuposa za pawindozo.

Mbali inayo ndi ya Jeremy Bentham ndi John Stuart Mill a ku England. Bentham, mu 1789, anati muyeso wa chabwino ndi choipa ndi chisangalalo ndi kuvutika kumene chinthu chabweretsa kwa onse okhudzidwa. Kwa iwowa funso la pageti si lovuta, mbali imodzi pali moyo wa munthu, mbali inayo pali chigawenga chimene chanamizidwa, nama basi. Koma anthu amalakwitsa akamaganiza kuti gulu limeneli limati bodza lili bwino bola likuthandize. Mill, polemba mu 1861, analimbikira zedi zoti kukhulupirirana ndi mzati wa moyo wa anthu ndipo bodza lililonse, olo laling'ono, limaufooketsa, komanso limamuzoloweretsa wonamayo kunama. Analola malo ochepa okha, monga kubisira munthu woipa chinthu chimene akufuna kupwetekera nacho wina, kapena kubisira wodwala kwambiri uthenga woipa, ndipo anati malire a zimenezi adziwike bwino kuti zisafalikire. Nde ukaonetsetsa Mill ndi Kant akuopa chinthu chimodzimodzi, kungoti Mill akusiya kakhomo kakang'ono pomwe Kant watseka nkutaya kiyi.

Mbiri ili kumbali ya Mill pa nkhani ya moyo ndi imfa. Mabanja a ku Netherlands amene ankabisa Ayuda mnyumba zawo nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ankanama kwa asilikali, ena mpaka kupanga ziphaso zabodza. Ku Rwanda mu 1994 kunali Ahutu amene anabisa anzawo achitutsi nkumauza magulu akupha kuti kuno kulibe munthu. Palibe amene angaime lero nkunena kuti anthu amenewa analakwa. Ngakhale mBaibulo, Rahabi pa Yoswa 2 anabisa azondi awiri padenga nkuuza anthu a mfumu ya Yeriko kuti apita kale, ndipo azamba aja Sifra ndi Puwa pa Eksodo 1 anamupusitsa Farao kuti ana aamuna asaphedwe, lemba nkunena kuti Mulungu anawachitira zabwino. Kwathu kuno si nkhani yakutali ayi, tikudziwa mmene gulu limachitira likamukuwiza munthu kuti wakuba kapena likaloza agogo ena kuti ndi mfiti. Gulu lotere likafika pakhomo panga kufunsa mnzanga ndinama, ndipo sindikapepesa kwa aliyense.

Koma tinene chilungamo, ndi kangati pamene mnzathu amatipempha bodza chifukwa chothamangitsidwa ndi chikwanje? Mabodza ambiri amene timawatcha kuteteza mnzathu ndi amtundu wina. Foni ikulira usiku, ndi mlamu, akuti "alamu pepani ndakudzutsani, kodi anzanuwa ali konko?" iwe ukudziwa bwinobwino kuti ali kwa chibwenzi. Kapena mnzako wadya ndalama za banki mkhonde ndiye akuti ukanene kugulu kuti unaona akumubera mminibasi. Kapena wagunda mwana ndi njinga yamoto nkuthawa, apolisi akufunsa ngati anali nawe madzulo amenewo. Apa timathamangira kunena kuti tiyang'ane zotsatira, banja lingathe, munthu angamangidwe, ana ake adya chani. Zimamveka zachifundo ndithu ndipo nzoona kuti mtima umawawa, mnzako akapsa ndevu umayenera kumuzimira.

Vuto ndi loti amene akuwerengera zotsatirazo ndi ine, ndipo ine ndili ndi mbali. Mavuto a mnzanga ndikuwaona pafupi, nkhope yake ndikuidziwa, pomwe mavuto a winayo ali patali ndiye ndimawachepetsa osazindikira nkomwe. Chonsecho lamulo la Bentham ndi loti aliyense awerengedwe ngati mmodzi, palibe woposa mnzake. Ndiye kuti mlamu uja naye alowe musamu, ndi thanzi lake limene lili pachiswe ngati mwamunayo akuyendayenda, ndi zaka zimene akutaya akukhulupirira zinthu zoti palibe. Amayi a banki mkhonde amene anasonkha ndalama zawo za mandasi ndi tomato alowenso, makolo a mwana wogundidwa uja chimodzimodzi. Ukawerengera moona chonchi, samu yomwe ija imene inati nama pageti ikukuuza kuti apa usaname. Anthu ambiri amene amati ife timayendera zotsatira sakutsata Mill ayi, akungokondera, zomwe ndi zachibadwa koma tisazipatse dzina labwino.

Ndipo apa mpamene Kant amandigwira mtima. Iye ankadziwa kuti munthu ndi katswiri podzipezera zifukwa, kuti aliyense amaona ngati nkhani yake ndi yapadera. Lamulo louma lija limakuteteza kwa iwe mwini pa nthawi imene chikondi chakuphimba mmaso. Mlamu amene akuimba foni si chigawenga, ndi munthu amene akufunsa za moyo wake womwe, ndipo ndikamunamiza ndiye kuti ndamutenga ngati chinthu chofunika kuchiyendetsa kuti mnzanga apeze mtendere. Ine zimenezi zimandipweteka kwambiri kuposa bodza lenilenilo, chifukwa tsiku limene adzadziwe sadzangotaya mwamuna, adzazindikiranso kuti onse amene ankadya nsima pakhomo pake ankadziwa.

Nde kusiyana kwa nkhani ziwirizi sikuli pa kukula kwa chikondi changa pa mnzanga, kuli pa amene akufunsayo. Kodi ali ndi ufulu wodziwa? Nanga akadziwa akachita nazo chani? Apa Constant anaona bwino. W. D. Ross wa ku Oxford naye mu 1930 ananena kuti maudindo athu ndi angapo, kunena zoona, kusapweteka ena, kuthandiza, kusunga lonjezo, chilungamo, ndipo akawombana umayenera kuona umene ukulemera pa nthawi imeneyo, koma winawo sufafanizika. Zimenezi zikufanana ndi mmene anthu abwino amene ndikuwadziwa amachitira, saloweza lamulo limodzi komanso sangoti chilichonse chotheka bola zithe bwino.

Pali njira inanso imene timaiiwala chifukwa ndi yowawa, kukana kuyankha. Augustine Woyera, mphunzitsi wakale wa chikhristu amene ankadana ndi bodza lamtundu uliwonse kalekale Kant asanabadwe, anasimba za bishopu wina dzina lake Firmus wa ku Thagaste, kumene pano ndi ku Algeria. Anthu a mfumu anabwera kudzafuna munthu amene anathawira kwa iye, bishopuyo nkuwauza kuti sanganame komanso sangamupereke. Anamuzunza koma sanaulule, mapeto ake anakamupemphera munthuyo chikhululukiro kwa mfumu ndipo chinaperekedwa. Njira imeneyi siigwira paliponse, pageti paja kungoti "sindiyankha" nchimodzimodzi kunena kuti ali mkatimu, nchifukwa chake pamenepo ndasankha bodza. Koma pa nkhani zambiri za tsiku ndi tsiku imagwira, kungoti mtengo wake umalipira ndiwe, osati munthu wonamizidwayo.

Kwa mlamu ndikhoza kunena kuti "alamu, kuno kulibe, zinazo mufunse eni ake akabwera." Ndikudziwa kuti mawu amenewa akayatsa moto kunyumbako ndipo mnzangayo akandikwiyira, mwina kwa nthawi yaitali. Nchifukwa chake ndi bwino kumuuziratu zisanafike pamenepo kuti aise, ndikuperekeza kulikonse, kaya nkwa ankhoswe, kaya nkugulu la banki mkhonde kukapempha kuti ndalamazo uzibweza pang'onopang'ono, kaya nkupolisi ndipo loya tikamufunira limodzi, koma dzina langa usalitchule ngati mboni ya zinthu zimene sizinachitike. Ya kupolisiyo ndiye ndi yolemera kwambiri chifukwa umboni wabodza mkhoti ndi mlandu paokha, ndipo zikaululika amene amalowa mchitokosi mumakhala awiri, ana a mnzako aja nkusowa ndi wowagulira ufa yemwe.