Za usiku wa Lachinayi kuchera Lachisanu: anzanga a m'mawa werengani musanatsegule windo

Mwadzuka bwanji a bwana ndi nonse a shifiti ya m'mawa. Musanagwire chilichonse pitani kaye ku filiji yaikulu ija, yoyandikana ndi chitseko cha sitolo. Mupezamo katoni pa shelefu ya pansi, ndaimata ndi tepi n'kulembapo ndi maka yofiira kuti MUSAGAWE. Musagawedi, komanso musataye, mpaka a bwana aione okha.

Nkhani yake ndi iyi. Magetsi anazima cha m'ma 11:40 usiku, jenereta inalira bwinobwino ndipo mawodi onse anayaka, koma laini ya masoketi a kuno ku famase siinabwerere, bureka yake inagwa, ndiye mababu akuyaka koma filiji ili zii. Nthawi imeneyo n'kuti ndili ku matenite ndi magineziyamu safeti wa mayi wina amene anabwera akukomoka, a gadi ndi amene anadzandiitana kuti kukulira kachinthu ku ofesi kwanu. Nditafika temometa ya pachitseko inali pa 9.8, ndipo pomwe a magetsi amadzakweza bureka cha m'ma 2:15 inali itafika 11.4. Mukudziwa nokha kutentha kwa Novembala kuno kuchigwa, usiku wonse mphepo yake ngati ikuchokera mu uvuni wa njerwa, filiji ikangoima siichedwa kukwera. Inabwerera pansi pa 8 cha m'ma 3:30, pano ikusewera pa 5. Zonse ndalemba pa tchati cha pachitseko.

Kachipangizo kojambula kutentha kali m'katimo musadabwe kuti sikakuonetsa alamu, kaja kamadikira maola 10 kutentha kuli pamwamba pa 8 kuti kalembe, ndiye wina asaone chizindikiro cha OK n'kumati palibe chinachitika. Dinani muone kutentha kwapamwamba kwa dzulo ndi lero, manambala alipo.

Katemera wa chiwewe ndi mankhwala a njoka ndinathamangira nawo msanga ku filiji ya sola ya ku katemera wa ana, a sisita a naiti anandibwereka kiyi, ndiye amenewo ali bwino ndipo akadali komweko, mukawatenge musanayiwale chifukwa anzathu aja lero ali ndi sikelo ndipo malo awachepera. Zomwe zinatsala mu filiji yotenthayo ndi zomwe zili m'katonimo, insulini mabotolo 14 ndi okisitosini mabokosi 6. Maganizo anga, okisitosini sangafe ndi maola ochepa pa 11, ndipo insulini naye chimene amadana nacho kwenikweni ndi kuuma ngati ayezi, koma chiganizo ndi cha a bwana akawerenga kapepala ka kampani ka m'bokosimo, batchi namba ndalemba pamwamba pa katoni. Chonde chitani zimenezi m'mawa muno chifukwa ku leba atsala ndi ma ampulo 20 okha mu filiji yawo, ndipo a kiliniki ya shuga abwera kudzafola.

Filiji yaing'ono ija nkhani yake ndi ina. Yalira kangapo usiku koma si magetsi, ndi labala wa chitseko amene wang'ambika pakona ya pansi, ukatseka amasiya kampata koti chala chimalowa. Ndatsamiritsapo katoni ya madiripu. Komanso ndapezamo mabotolo awiri a madzi akumwa ndi kachigubu ka thobwa kuseri kwa mankhwala a m'maso, sindikufunsa kuti n'za ndani, ndaziika pa sinki, mwini wake atenge mwakachetechete. Kutsegulatsegula kofuna madzi ozizira n'komwe kukumaliza labala ameneyu.

Maoda tsopano. Ya wodi ya amuna ndi ya ana ndalongedza, zili pa tebulo ndi mavawucha ake, angosaina n'kunyamula, koma makadi a sitoko a wodi ya ana sindinachotsere, mapepala ndapanira pa kadi iliyonse. Ya ku fiyeta yadikira a bwana chifukwa muli petidini ndi ketamini. Oda yadzidzidzi yomwe tinatumiza ku sitolo yaikulu ya mankhwala sinafikebe, ndiye seftiriyakisoni watsala mabotolo 60 basi, ndawauza a kiliniko a naiti kuti tiyambe tasungira ana ndi amayi a ku matenite ndi odwala kwambiri, inunso musapereke bokosi lathunthu ku wodi iliyonse ngakhale akuchondererani bwanji. Ma helefi senta a kutsidya kwa Shire aimba kuti LA wa 6 x 2 ndi zoyezera malungo zawathera, ambulansi yawo ibwera ndi wodwala cha m'ma 9 ndipo dalaivala atengera konko, ndapatula kale pakona koma fomu yawo ilibe siginecha ya a DHO.

Mafunso omwe ndasiya osatseka ndi atatu, koma loyambali ndi lomwe landivutitsa mutu. Bambo a pa bedi 12 ku wodi ya amuna ayamba mankhwala a TB dzulo ndipo ali kale pa ma ARV a 13A, koma pa fayilo palibe dolutegiravi woonjezera. Rifampisini amatsitsa dolutegiravi m'magazi, ndiye pamafunika kapiritsi kena ka 50 mg patatha maola 12 atamwa 13A wawo. A kiliniko a naiti anati si wodwala wawo, adikire a dokotala pa raundi. Asisi, inu mumapita nawo ku raundi, chonde kafunseni pamaso, tisangosiya kanoti chifukwa timanoti timatayika m'mafayilo muja. Bambowa amamva bwino Chisena, ndiye pofotokoza za nthawi ya mapiritsi mutengane ndi munthu wochidziwa, gadiyani wawo ndi mwana wamng'ono.

Lachiwiri ndi mwana wa pa bedi 4, wa makilo 14, malungo aakulu. Atesuneti anamulembera pa 2.4 mg pa kilo, pomwe mwana wosakwana makilo 20 ndi 3 mg pa kilo, ndiye 42 mg. Tinakambirana pa foni ndipo anavomera, dozi yoyamba analandira yolondola 10 koloko usiku, koma pa tchati sanasinthebe, ndiye a nesi a m'mawa akhoza kungotsata zolembedwazo pa dozi ya 10 koloko. Wina adutseko isanakwane. Muwakumbutsenso kuti botolo akasungunula si losungira dozi ina.

Lachitatu n'laling'ono. Mnyamata wina analumidwa ndi galu kumudzi, analandira jakisoni woyamba wa chiwewe Lachiwiri, wa tsiku la 3 ndi lero. Mayi ake anati abwera pa kabaza m'mamawa dzuwa lisanawawe, ndiye katemera uja akhale atabwerako.

Kabati ya mankhwala otsekera ndawerenga pamodzi ndi a sisita a naiti 5:30, petidini ndi mofini zikugwirizana ndi rejisita, tasaina tonse. Ampulo imodzi yopanda kanthu ya ku matenite sinabwere, ati aibweretsa pohendova. Kiyi wa kabati ndapereka m'manja mwa a sisita in tchaji, wa ku filiji ya sola ali mu dirowa ya pamwamba, mubweze. A magetsi anati abweranso 8 koloko kudzaona chomwe chikugwetsa bureka, akafika muwaonetsenso labala uja.

Ndikakagona foni ndiisiya yoyatsa mpaka 10, ikapitirira apo imbani pokhapokha ngati ndi za katoni ija.

Zikomo, ine wa naiti.