Khalidwe la Okonkwo m'buku la Things Fall Apart (Chinua Achebe, 1958)

Okonkwo ndi munthu wakhama, koma chimene chimamuyendetsa ndi mantha oti angafanane ndi bambo ake, a Unoka, amene anamwalira ali ndi ngongole zambiri. Anatchuka ali ndi zaka 18 atagwetsa Amalinze, katswiri wa masewera ogwetsana, kenaka anadzaza nkhokwe ndi zilazi, zomwe kwao n'zofunika ngati chimanga kuno ku Chipata.

Nkhanza zake zikuonekera pamene anamenya mkazi wake Ojiugo m'sabata ya mtendere, makamakanso pamene anatema Ikemefuna, mwana amene ankamutcha bambo, ngakhale Ezeudu, mkulu wina wa m'mudzi, anali atamuchenjeza. Komabe sindingamutche wopanda chisoni, chifukwa atapha mwanayo anakhala masiku awiri osadya, ndipo usiku umene Chielo, wansembe wamkazi, ananyamula Ezinma, mwana wamkazi wa Okonkwo, iye anawatsatira kuphanga chikwanje chili m'manja.