Pempho: nthawi yotulutsa mitengo ya chimanga ndi mtundu wa fayilo

Okondedwa Mayi Phiri,

Ndikhulupirira muli bwino. Ndine Chisomo Mwale, ndimayang'anira za makompyuta ku kalabu ya alimi kuno ku Dedza. Sabata iliyonse timatenga mitengo ya chimanga imene ofesi yanu imaika pa intaneti n'kuitumiza kwa mamembala athu pa foni. Pakadali pano timakopera pamanja. Tikufuna kulemba pulogalamu yoti izitenga yokha fayiloyo, koma tisanayambe ndati ndifunse kaye eni ake.

Kodi mumaika mitengo yatsopano tsiku liti, nthawi yanji? Ife timaganiza zoti pulogalamu izidzuka Lachiwiri lililonse 6 koloko m'mawa, nthawi ya kuno kwathu (UTC+2). Ngati nthawi imeneyo mumakhala musanamalize, tiisuntha. Nanga tsiku lotulutsa mitengo likakhala la tchuthi, mumatulutsa tsiku lotsatira kapena sabata imeneyo imangodutsa?

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi mitengo yokonzedwa pambuyo pake. Tinene kuti mtengo wa ku Chimbiya kapena ku Mitundu wafika mochedwa, kapena unalembedwa molakwika: mumakonza m'fayilo yomweyo, kapena mumatulutsa ina? Pali chizindikiro chosonyeza kuti mzere wakutiwakuti wasinthidwa? Munthu akamakopera amadabwa akaona nambala yachilendo, n'kuimba foni. Pulogalamu siidabwa, imangotumiza. Mlimi amene wawerenga mtengo wolakwika akhoza kugulitsa matumba ake kwa venda motchipa, ndipo uthenga wokonza udzamupeza chimanga chitapita kale.

Pa mtundu wa fayilo, tingakonde CSV ya UTF-8, ngakhale XLSX tikhoza kuiwerenga malinga ngati mulibe mabokosi olumikizidwa. Chonde mutiuze ngati dzina la fayilo ndi adiresi yake zimasintha sabata iliyonse, komanso ngati mitu ya pamwamba imakhala yomweyo nthawi zonse. Mzere wotere ungatithandize kwambiri:

```
date,market,district,price_mwk_per_kg
2025-03-04,Chimbiya,Dedza,1500
```

Nambalayo ndi chitsanzo chabe. Madeti akalembedwa 04/03/2025 kompyuta ina imawerenga 4 Malichi, ina 3 Epulo, n'chifukwa chake tikupempha kuti chaka chizikhala patsogolo. Mutitsimikizirenso kuti mitengo yonse ndi ya kilogalamu imodzi, osati thumba la makilogalamu 50, komanso kuti msika umene sunatumize mtengo mumausiya wopanda kanthu, simulembapo 0.

Ngati muli ndi malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka mitengoyi, kapena malire a kangati pa tsiku tingatenge fayilo, mutitumizire. Tikufuna pulogalamuyi ikhale itayesedwa kukolola kusanayambe mu Epulo, choncho yankho lanu mwezi uno usanathe lingatithandize. Mukadzafuna kusintha kalembedwe ka fayilo, chonde mudzatidziwitse pasadakhale pa imelo yomweyi.

Zikomo kwambiri.

Ine wanu,
Chisomo Mwale