Mafunso Obwereza a Dimandi ndi Sapulayi: Pepala Lopanda Magilafu

Kwa ophunzira a chaka choyamba, phunziro la zachuma, gulu la Lachiwiri masana.

Pepala la mafunso lomwe munalandira pa foni Lolemba lafika lopanda zithunzi. Mawu onse alipo, koma pamene panali magilafu pangotsala mabokosi oyera. Musadikire lina. Ndalembanso mafunsowo, gilafu iliyonse ndaifotokoza m'mawu, ndipo inunso muyankha m'mawu okhaokha. Zimenezi zikuthandizani, chifukwa ndikamachonga mayeso ndimaona ambiri akujambula mizere iwiri yopingasana bwinobwino, ndi muvi pamwamba pake, koma osatha kunena kuti chasuntha n'chiyani ndipo chasunthiranji.

Gilafu yotayikayo inali yotere. Mbali yoima ndi ya mtengo, P. Mbali yogona ndi ya kuchuluka kwa katundu, Q. Umu ndi momwe Alfred Marshall ankajambulira m'buku lake la mu 1890, ndipo mabuku a zachuma akutsatirabe zomwezo. Mzere wa dimandi, D, umayambira pamwamba kumanzere n'kutsetserekera kumanja, pakuti katundu akatchipa anthu amagula wambiri. Mzere wa sapulayi, S, umayambira pansi kumanzere n'kukwera chakumanja, pakuti mtengo ukakoma ogulitsa amabweretsa wambiri. Pamene mizereyi yakumana ndi pa E, pamene katundu amene ogula akufuna wafanana ndi amene ogulitsa abweretsa.

Yankho lililonse linene zinthu izi motsatana: mzere umene wasuntha, mbali imene walowera, chimene chausuntha, kenako chimene chachitikira mtengo ndi kuchuluka kwa katundu wogulidwa. Ndipo muzilemba kuti kumanja kapena kumanzere. Musamalembe kuti mzere wakwera kapena watsika. Sapulayi ikachuluka mzere umapita kumanja, koma pa pepala umaoneka ngati watsikira pansi, ndiye wolemba kuti "wakwera" sitidziwa ngati akunena kuchuluka kwa katundu kapena malo a mzere pa pepala.

Funso 1. Gilafu inali ya msika wa chimanga m'miyezi ya Epulo mpaka Juni, anthu atayamba kukolola. Panali S1 ndi S2, koma D inali imodzi. Fotokozani zomwe gilafuyo inkaonetsa.

Yankho lachitsanzo: Mzere wa sapulayi wasunthira kumanja, kuchoka pa S1 kupita pa S2, chifukwa zokolola zafika ndipo pa mtengo uliwonse ogulitsa ali ndi matumba ambiri kuposa mu Febuluwale. Mzere wa dimandi uli pomwe unali. Malo okumanirana atsetsereka potsata mzere wa D, choncho mtengo watsika ndipo chimanga chogulidwa chachuluka.

Mawu oti "pa mtengo uliwonse" musawasiye. Ndi amene amaonetsa kuti mukunena za mzere wonse. Pali mfundo ina yomwe wophunzira wakhama angaonjezere: banja lomwe lakolola limasiya kugula pa msika, ndiye dimandi ya pa msika imathanso kusunthira kumanzere pa nyengoyi. N'zoona ndithu, ndipo ndimakondwa ndikaziona pa pepala, koma funso ili lakuuzani kale kuti D ndi imodzi. Yankhani zomwe mwafunsidwa, mfundo inayo muiike pa mapeto.

Funso 2. Wophunzira wina analemba kuti: "Mtengo wa tomato wakwera, choncho dimandi yatsika ndipo mzere wa D wasunthira kumanzere." Kodi walondola?

Sanalondole, ndipo apa mpamene malikisi ambiri amatayikira. Mtengo wa tomatoyo uli kale pa gilafu, pa mbali yoima. Mzere wa D ndi mndandanda wonena kuti pa mtengo wakuti anthu agula wochuluka chonchi, pa mtengo wakuti agula wochepa chonchi. Mtengo ukakwera mndandandawo susintha, tangochoka pa malo ena a mzere womwewo kupita pa ena. Mayi amene dzana anagula milu itatu lero wagula umodzi, koma mtengo utabwerera mwakale angagulenso itatu. Kufuna kwake tomato sikunasinthe. Chiganizo cholondola ndi ichi: mtengo wakwera, choncho kuchuluka kwa tomato amene anthu akufuna kugula kwachepa, ndipo uku n'kuyenda chokwera pa mzere womwewo wa D.

Chimene chimasuntha mzere wonse ndi chinthu chomwe sichinalembedwe pa mbali ziwiri za gilafu. Kwa ogula ndi monga ndalama zomwe amapeza, mtengo wa katundu wina, chiwerengero chawo, zokonda zawo, ndi zomwe akuyembekezera mawa. Kwa ogulitsa ndi monga mtengo wa zipangizo, nyengo, njira zolimira, misonkho ndi sabuside. Musanalembe chilichonse dzifunseni kuti chayamba kusintha n'chiyani, mtengo wa katunduyo kapena china chakunja. Ndiponso wophunzirayu akanafunsa kuti tomato wakwera chifukwa chiyani. Ngati ndi matenda a m'dzinja amene aononga minda, wasuntha ndi S, kupita kumanzere.

Funso 3. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti kwagwa tsoka m'maboma 23 mwa maboma 28 chifukwa cha ng'amba ndi zovuta zina za nyengo ya El Niño. Fotokozani zotsatira zake pa msika wa chimanga, kenako pa msika wa chinangwa ndi mbatata.

Pa chimanga, S yasunthira kumanzere, mtengo wakwera, chogulidwa chachepa. Pa chinangwa ndi mbatata, zomwe anthu amathawirako ufa ukadula, D yasunthira kumanja, mtengo wakwera ndipo zogulidwa zachuluka, tikaganiza kuti minda yake sinakhudzidwe. Onani kuti mtengo wa chimanga sunasunthe D ya chimanga, koma wasuntha D ya chinangwa, chifukwa pa gilafu ya chinangwa mtengo wa chimanga ndi chinthu chakunja.

Funso 4. Ili ndi la masamu, ndipo manambala ake ndi ongopeka kuti tiphunzirire. P ndi mtengo wa thumba la makilogalamu 50 m'masauzande a kwacha, Q ndi matumba pa sabata pa msika wina wa pa boma. Qd ndi matumba amene ogula akufuna, Qs ndi amene ogulitsa abweretsa.

Qd = 1000 − 10P
Qs = 200 + 10P

Pezani P ndi Q pa E. Kenako ng'amba yachititsa kuti sapulayi ikhale Qs = 10P. Pezani E watsopano ndipo mufotokoze kusunthaku m'mawu.

Poyamba 1000 − 10P = 200 + 10P, zomwe zikupereka P = 40 ndi Q = 600, kutanthauza K40,000 pa thumba. Ng'amba itachitika 1000 − 10P = 10P, ndiye P = 50 ndi Q = 500. M'mawu: mzere wa S wasunthira kumanzere ndi matumba 200 pa mtengo uliwonse, mtengo wakwera kuchoka pa K40,000 kufika pa K50,000, ndipo matumba ogulidwa atsika kuchoka pa 600 kufika pa 500.

Imani kaye apa. Mzere wasuntha ndi 200, koma matumba ogulidwa atsika ndi 100 okha. Enawo achokera kuti? Pa mtengo wakale wa 40 ogula akufunabe 600 pamene ogulitsa ali ndi 400. Kuperewera kumeneku kukankha mtengo, ndipo mtengo ukamakwera mavenda amatulutsa chimanga chomwe anasunga, ena amakachitenga kutali, mpaka matumba afika 500. Ogula nawo amachepetsa kuchoka pa 600 kufika pa 500. Matumba 100 amene ogulitsa aonjezerawo ndi kuyenda pa mzere wa S watsopano, si kusuntha kwachiwiri. Amene angafotokoze zimenezi popanda chithunzi wamvetsa mutu wonse.

Funso 5. Bwererani ku manambala oyamba a Funso 4. Boma laika mtengo woyambira kugulira mbewu kwa alimi pa P = 45. Gilafu inali ndi mzere wogona wodutsa pa 45. Chasuntha n'chiyani?

Palibe mzere wasuntha. Pa 45 ogula akufuna matumba 550, ogulitsa abweretsa 650, ndiye matumba 100 atsala opanda wogula. Unduna wa Zaulimi umalengezadi mitengo yotere chaka ndi chaka, koma kuti mtengowo ugwire ntchito pafunika wogula zotsalazo, monga ADMARC kapena nkhokwe za boma. Popanda wotero mlimi amene akufuna fizi ya mwana sabata yomweyo agulitsa motsika kwa venda. Mtengo woikidwawo ukanakhala pansi pa 40 sukanasintha kanthu.

Funso 6. Mu Ogasiti 2017 dziko la India linaika malire pa nandolo wolowa m'dzikolo kuchokera kunja. Fotokozani zomwe zinachitikira msika wa nandolo kwa alimi a ku Mulanje, Phalombe ndi Zomba.

India ndi amene amagula nandolo wathu wambiri. Wogula wamkulu atachepetsa, D inasunthira kumanzere, mtengo unagwa ndipo wogulidwa anachepa. Alimi anali atalima kale, choncho S ya chaka chimenecho inali pafupifupi yoima chilili, ndipo mzere ukakhala woima chotero pafupifupi kusintha konse kumagwera pa mtengo. Gilafu ikatayika musaiwale kunenanso kaimidwe ka mzere, ngati ndi woima kwambiri kapena wogona, chifukwa ndi kamene kamatiuza ngati chisinthe kwambiri ndi mtengo kapena kuchuluka.

Funso 7. Mu Disembala mabanja ambiri akufuna nkhuku ya Khirisimasi. Mwezi womwewo chitopa chapha nkhuku zambiri m'midzi yozungulira msika. Gilafu inali ndi D1, D2, S1 ndi S2.

D yasunthira kumanja chifukwa cha chikondwerero, S yasunthira kumanzere chifukwa cha matenda. Zonse ziwiri zikukankhira mtengo m'mwamba, choncho mtengo ukwera ndithu. Koma pa chiwerengero cha nkhuku zogulidwa zikukokerana: chikondwerero chikuchichulukitsa, chitopa chikuchichepetsa. Lembani mosaopa kuti kuchuluka sikungadziwike pokhapokha titauzidwa kusuntha komwe kuli kwakukulu. Pano mawu amaposa chithunzi, chifukwa wojambula amasuntha mzere umodzi kwambiri mosadziwa n'kuwerenga yankho lomwe dzanja lake lapanga.

Funso 8 ndi lanu, ndipo ndilichonga. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 44 peresenti. Feteleza wambiri amene timagwiritsa ntchito amachokera kunja. M'ndime ziwiri, popanda kujambula, fotokozani zomwe zikuyembekezeka pa msika wa feteleza, kenako pa msika wa chimanga cha nyengo yotsatira. M'ndime yachitatu nenani mzere umene feteleza wotsika mtengo wa sabuside ya boma amasuntha pa msika wa chimanga, ndi mbali imene umalowera. Ngati pali pena pamene mtengo kapena kuchuluka sikungadziwike, nenani chifukwa chake.

Mulembe pamanja, tsamba limodzi lisapitirire, ndipo mubweretse Lachiwiri tisanayambe kalasi. Tidzasinthana mapepala, aliyense adzajambula gilafu potsatira mawu a mnzake okha, ndipo tidzaona ngati ikutuluka yomwe wolembayo ankaganiza.