Kalata yofunsa chifukwa chomwe webusayiti yakale ikuonekerabe titasamutsa domeni

Zitenje za Nabanda
Limbe
Blantyre

14 Malichi 2025

Kwa Mkulu woona za makasitomala,

Bwana,

WEBUSAYITI YAKALE IKUONEKABE PA `zitenjezanabanda.com`

Ndine mwini wa kasitolo ka zitenje ndi zovala zosokasoka kuno ku Limbe, ndipo ndinayamba kugwira nanu ntchito mwezi wathawu. Ndikulemba chifukwa munthu akalemba `zitenjezanabanda.com` pafoni kapena pakompyuta, ikumutsekukira ndi webusayiti yanga yakale, ya kukampani yomwe ndinachokako, pamene yatsopano ili pa seva yanu ndipo ndinalipira kale chaka chonse. Ndikufuna mundiuze chomwe chikuchititsa zimenezi, amene akuyenera kukonza pakati pa inu ndi ine, ndi tsiku lomwe zikonzedwe.

Ndifotokoze mmene zinayendera kuti musavutike kufufuza. Pa 25 Febuluwale ndinatsekula loko wa domeni kukampani yakale, ndinatenga nambala yachinsinsi yosamutsira, imene pa tsamba lanu yalembedwa kuti `EPP code`, n'kuilowetsa kwanu. Pa 4 Malichi munanditumizira imelo yonena kuti kusamutsa kwatheka. Ndikalowa mu akaunti yanga, domeniyo ikuonekadi m'manja mwanu, ndipo tsiku lake lothera lawonjezeka ndi chaka chimodzi monga munalonjezera. Webusayiti yatsopano nayo ilipo. Ndikadina linki yoonera yomwe munandipatsa, zonse zikutseguka bwinobwino, zithunzi za zitenje zatsopano, mitengo ya chaka chino, ngakhale mapu osonyeza pomwe sitolo ili tsopano. Koma linkiyo ndimaidziwa ndine ndekha. Makasitomala amadziwa dzina la domeni, lomwe linasindikizidwa pa timapepala ta malisiti, pa majumbo ndi pa chikwangwani cha pakhomo.

Nditaimba foni ku ofesi yanu sabata yathayi, mnyamata amene anayankha anandilandira mwaulemu, ndipo anati ndidikire maola 48 kuti kusinthaku kufalikire pa intaneti ponse, komanso ndifufute zomwe bulawuza inasunga. Ndinachita zonsezo. Maola 48 anadutsa kalekale. Ndayesa pafoni yanga ya Airtel, pafoni ya mtsikana wogulitsa m'sitolo yomwe ndi ya TNM, ndi pakompyuta ya kunyumba. Mchemwali wanga wa ku Joni naye anatsekula pafoni yomwe sinatsekulepo webusayiti yanga chiigulireni, ndipo ananditumizira chithunzi cha tsamba lakale lomwelo. Foni imene sinafikepo pa tsambalo singakhale itasunga kanthu, ndiye chonde yankho la kalata ino lisakhalenso loti ndifufute zosungidwa mu bulawuza.

Mwana wa mchimwene wanga amaphunzira za makompyuta, ndipo Lamlungu anabwera kudzandithandiza kuona. Anayamba ndi kulemba `ipconfig /flushdns` pakompyuta, koma palibe chinasintha. Kenaka anati tisafunse netiweki ya kuno, tifunse seva ya Google, ndipo zinatuluka motere:

```
nslookup zitenjezanabanda.com 8.8.8.8
Address: 198.51.100.24
```

Nambala imeneyi ndi ya seva ya kampani yakale. Mu imelo yanu yondilandira munalemba kuti seva yanga yatsopano ndi `203.0.113.57`. Atalemba dzinalo ndi `www` kutsogolo, yankho linali lomwelo. Kenaka analemba izi:

```
nslookup -type=ns zitenjezanabanda.com
```

Panatuluka mayina awiri, loyamba ndi `ns1` ndi lina loyamba ndi `ns2`, onse othera ndi dzina la kampani yakale ija. Dzina lanu silinaonekepo.

Mmene anandifotokozera, ndipo mundikonze ngati zili zolakwika, kusamutsa domeni kumangosintha kampani yosunga dzinalo ndi yolandira ndalama zake chaka ndi chaka. Sikusintha pakokha maseva omwe amauza dziko komwe webusayiti ili. Ngati palibe amene wawasintha, amakhala omwewo akale. Zili ngati ndasamutsa sitolo n'kusintha mapepala onse, koma mlonda wa pamsika amene anthu amamufunsa njira sanauzidwe, ndiye akulozerabe aliyense ku chitseko chakale. Chomwe chikundisokoneza n'chakuti mu akaunti yanga kwanuko, pa gawo la `DNS`, mzere wa `A` ukusonyeza `203.0.113.57`, yomwe ndi yolondola, ndipo `TTL` yake ndi 14400, kutanthauza maola anayi. Munthu akangoyang'ana pamenepo aganiza kuti zonse zili bwino, ndipo mwina n'zomwe mnyamata uja anaona. Koma pa gawo la `Nameservers` pasankhidwa `Custom`, ndipo mayina olembedwapo ndi a kampani yakale. Ngati dziko likufunsabe maseva akale, zolembedwa pa gawo lanu la `DNS` palibe akuziwerenga, ndipo ngakhale nditadikira mpaka Khirisimasi sizisintha.

Batani losinthira ndikuliona, koma sindinalikhudze, ndipo chifukwa chake ndi imelo. Adiresi ya `oda@zitenjezanabanda.com` idakali kukampani yakale, ndipo ndi momwe mumabwera maoda akuluakulu, a magulu a amayi a mipingo, a makomiti a maukwati ndi zinkhoswe, ngakhale a anthu akunja ofuna kutumizira abale awo nsalu. Ndamva kuti maseva a mayina akasinthidwa mizere ya `MX` isanakonzedwe mbali yatsopano, makalata amayamba kubwerera kapena kugwera m'bokosi lomwe mwini wake sakulidziwa. Isitala ndi pa 20 Epulo, ndipo ino ndiyo nyengo yomwe makwaya ndi magulu a amayi amaitanitsa nsalu zofanana. Oda imodzi yotere ikasowa, ndiye kuti lendi ya mwezi yapita. N'chifukwa chake ndikufuna kuti asinthe ndi munthu wanu wodziwa ntchitoyi, kapena andilondolere pafoni ine ndili pakompyuta.

Mwina kwa inu iyi ndi nkhani yaing'ono ya mizere iwiri, koma kuno ikundipweteka tsiku lililonse. Webusayiti yakale inakonzedwa komaliza ndalama ya kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye mitengo yomwe ili pamenepo ndi yoti lero sindingapikulire nayo ngakhale nsalu yomweyo. Lachiwiri kunabwera mayi wina kuchokera ku Bangwe, foni ili m'manja, chala chili pa chithunzi cha chitenje cha buluu cha maluwa achikasu, akufuna zisanu ndi chimodzi pa mtengo wolembedwawo. Anali atasonkhetsa kale anzake a kumpingo ndalama, atazikulunga pa kampango. Nditamuuza mtengo weniweni anangoti, "Nanga izi analemba ndani, si inu nomwe?" Ndinamuchotserako pang'ono kuti asapite chimanjamanja, koma anatuluka akundiona ngati munthu wa malirime awiri, ndipo ku Bangweko akanena zomwe anaona.

Choopsa kuposa mitengo ndi nambala ya foni. Tsamba lakale likuonetsa nambala yolipirira ya pafoni yomwe ndinasiya kuigwiritsa ntchito, komanso malo akale a sitolo, komwe pano kuli wina wogulitsa zipangizo za mafoni. Munthu akatumiza ndalama ku nambala imeneyo, adzabwera kwa ine kudzafuna katundu, ine ndisanalandire kanthu. Kukampani yakale sindingathenso kusintha zolembedwazo, chifukwa amene ankakonza tsambalo anali munthu wawo, ndipo mgwirizano wokonzakonza unatha.

Palinso tsiku lomwe likundisowetsa tulo. Malo anga pa seva yakale atha pa 31 Malichi, ndipo sindikufuna kulipiranso chaka china kwa anthu omwe ndinawatsanzika. Koma ngati maseva awo a mayina ndiwo akulozerabe domeni yanga, tsiku lomwe adzatseke akaunti webusayiti idzazimiratu, imelo nayo idzaima. Mnyamata wa kwathuyu akuti kusintha maseva a mayina a domeni ya `.com` kumatha kutenga mpaka masiku awiri kuti aliyense aone zatsopano, ndiye ntchitoyi siyofunika kuiyamba pa 30. Kubwerera m'mbuyo nakonso sikungatheke msanga, poti mu imelo yanu munalemba kuti domeni ikasamutsidwa imakhala yotsekedwa masiku 60 isanasamutsidwenso. Ndili m'manja mwanu, ndipo ndinabwera ndekha chifukwa ndinamva mbiri yabwino ya ntchito yanu.

Choncho ndikupempha kuti mundiyankhe molemba pa zinthu izi. Kodi n'zoona kuti domeni yanga ikulozerabe maseva a mayina a kampani yakale? Ngati n'zoona, mayina enieni a maseva anu oyenera kulembedwa pa `Nameservers` ndi ati, ndipo alembe ndani? Musanasinthe, ndikufuna wina akopere mizere yonse yomwe ili ku `DNS` yakale, makamaka ya `MX` ndi ya `TXT`, ndipo anditsekulire bokosi la `oda@zitenjezanabanda.com` kwanuko n'kusamutsiramo makalata onse akale, chifukwa muli miyeso ya anthu ndi mapangano a mitengo omwe sindinalembe pena paliponse. Mundiuzenso za satifiketi ya `SSL`. Ndamva kuti satifiketi yaulere imatuluka domeni ikayamba kulozera pa seva yatsopano, ndiye ndikufuna kudziwa ngati padzakhale nthawi yomwe makasitomala azidzaona chenjezo loti tsambali silotetezeka, ndi kutalika kwa nthawiyo. Munthu amene wawona chenjezo lotere pa tsamba la sitolo sabwereranso. Ngati n'kotheka, kusinthaku kuchitike Loweruka madzulo, chifukwa Lamlungu sitolo imakhala yotseka ndipo maoda amachepa.

Pali mawu amodzi omwe ndikufuna afike kwa akuluakulu anu. Imelo ya pa 4 Malichi inangoti kusamutsa kwatheka, osatchula kuti patsala ntchito ina yoti domeni iyambe kulozera pa seva yatsopano. Munthu wogulitsa zitenje akawerenga kuti kwatheka amakhulupirira kuti zatha, n'kuyamba kulengeza kwa makasitomala, monga ndinachitira ine pa WhatsApp tsiku lomwelo. Chiganizo chimodzi chowonjezera mu imelo imeneyo chikanandipulumutsa ku zonsezi, ndipo chingapulumutse ena obwera m'mbuyo mwanga. Ndikuyembekezanso kuti ntchito yokonzayi simundilipiritsa, popeza pa zomwe ndinalipira panalembedwa kuti mudzasamutsa webusayiti ndi domeni.

Ndaphatikiza zithunzi za gawo la `DNS`, gawo la `Nameservers`, mayankho a `nslookup`, tsamba lakale monga likuonekera ku Joni, ndi lisiti la malipiro. Chonde yankhani ku adiresi ya imelo yomwe ndinalembetsera akaunti, osati ya sitolo ija, kuopa kuti yankho lingasowe mkati mosinthamo. Nambala yanga ya foni ili mu akaunti, ndipo ndimapezeka m'sitolo kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, Lolemba mpaka Loweruka. Ndidzathokoza kulandira yankho lanu pofika Lachiwiri pa 18 Malichi, kuti ntchito ichitike Loweruka pa 22, tsiku la 31 lisanayandikire.

Ine wanu,

Esnart Nabanda
Mwini wa Zitenje za Nabanda