Yankho latsopano kwa mayi amene basi ya Lachiwiri inawasiya

Achimwene,

Ndaona zimene munayankha dzulo pa WhatsApp ya ofesi. Mayi aja analemba kuti: "Mwana anatentha thupi usiku, tagona kuchipatala, basi ya 7 koloko yandisiya. Chonde mungandibwezereko K45,000 yanga? Ndilibenso ina." Inu munati: "Werengani kuseri kwa tikiti. Ndalama sitibweza. Kuchedwa kwanu si vuto lathu."

Pa lamulo simunaname ayi, ndalama sitibwezadi basi ikanyamuka. Koma munthu watchula mwana wodwala, inu osafunsa n'komwe kuti wadzuka bwanji? Ndiponso kuseri kwa tikiti komweko kuli ndime ya matenda ndi maliro imene ikanawathandiza, ndipo simunaitchule. Tumizani uthenga uwu m'mawa uno monga ulili, musachotsepo kanthu.

Mayi,

Mwadzuka bwanji, nanga mwana wadzuka bwanji? Pepani kwambiri ndi matendawa. Kuchezera usiku wonse kuchipatala, kenako n'kupeza kuti basi yapita ndi ndalama yanu yomwe, n'zopweteka ndithu. Tikukhulupirira kuti akupezako bwino.

Pepaninso chifukwa cha yankho limene munalandira kuchokera kwa ife dzulo. Linali lopanda ulemu, ndipo inu simunalakwe kufunsa.

Pa nkhani ya ndalama tikuuzeni zoona zokhazokha, kuti musamadikire chinthu chimene sichibwera. K45,000 imene munalipira pa Mpamba sitingathe kukubwezerani. Lamulo lathu ndi lakuti ndalama timabweza munthu akatidziwitsa kutatsala maola 24 kuti basi inyamuke, ndipo timadulapo K10 pa K100 iliyonse. Akatidziwitsa kutatsala maola osachepera awiri, timangomusinthira tsiku kwaulere. Basi ikanyamuka, ndalama sibwezedwanso. Chifukwa chake n'chakuti mpando wanu, nambala 17, tinakusungirani mpaka nthawi yonyamuka, ndipo unayenda wopanda munthu kuchoka ku Lilongwe mpaka ku Blantyre, popeza basi imeneyi sinyamula anthu panjira. Tikudziwa kuti pakati pa usiku, mwana ali m'manja, maganizo oimbira foni a basi sangabwere. Komabe lamuloli limagwira aliyense mofanana, ndipo ngakhale ine woyang'anira nthambi ndilibe mphamvu yolisintha.

Koma sikuti tikiti yanu yafa. Amene waphonya basi chifukwa cha matenda kapena maliro timamulola kuyenda tsiku lina pasanathe masiku 14 kuchokera pa tsiku la tikiti yake, atalipira K5,000 yokha yosinthira. Kwa inu ndiye kuti muli ndi mpata mpaka Lachiwiri la sabata ya mkuja.

Chimene tikufuna n'chochepa. Jambulani tsamba la buku la kuchipatala la mwana pamene pali deti ndi chidindo, mutumize pa nambala yomwe ino pamodzi ndi chithunzi cha tikiti. Pamene adokotala alemba za matenda mukhoza kuphimbapo ndi chala kapena kapepala, zimenezo ndi za inu ndi achipatala, ife tikungofuna detilo. Simukuyenera kubwera ku ofesi kudzaonetsa bukulo, khalani pafupi ndi wodwala. K5,000 ija mudzapereka tsiku lokwera.

Pakali pano malo alipo m'basi ya 7 koloko m'mawa Lachisanu ndi Lolemba, komanso ya 1 koloko masana Loweruka. Ndakusungiraniko mpando wa pawindo wa Lolemba mpaka mawa 5 koloko madzulo, kuti muyambe mwaona mmene mwana akupezera. Ngati tsikulo silikukukomerani, tiuzeni lina. Ngatinso ulendo wa ku Blantyre walephereka, tikitiyo akhoza kukwerera m'bale wanu, bola mutiuze dzina lake tsiku la ulendo lisanafike.

Ngati mukuona kuti sitinakuchitireni chilungamo, ndiimbireni pa nambala yomwe ino mufunse woyang'anira nthambi, ndimapezeka kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo. Mulinso ndi ufulu wokadandaula ku bungwe la boma loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission.

Mwana achire msanga. Tidikira kumva kwa inu.

Ine wanu,
Woyang'anira nthambi ya Lilongwe

Achimwene, mukatumiza lembani mpando 9 wa Lolemba m'kaundula kuti wasungidwa, amene alowe masana asaugulitse. Mayiwo akayankha mokwiya musabwezere mawu, komanso musalonjeze za ndalama, mungondipatsira foniyo.